Musanalipire malebulo a chiponde chanu, yambani mwafufuza dzina

*"Zikomo alangizi. Ndine mayi wa pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Ndimagaya chiponde ndi kusinja nsinjiro, ndipo ndakhala ndikugulitsa m'mabotolo opanda dzina. Tsopano eni sitolo ina pa Boma akuti ayamba kutenga katundu wanga ndikaika lebulo. Ine ndikufuna dzina loti Chisomo, la mwana wanga woyamba, koma alamu anga akuti ndilembe Chiponde cha Mchinji. Mnyamata wopanga malebulo wandikonzera kale logo ndi chithunzi cha mtedza chimene wapeza pa intaneti, ndipo akufuna ndilipire malebulo 2,000 sabata ino. Ndingadziwe bwanji kuti dzinali lilibe mwini wake? Ndikuopa kutaya ndalama."*

Mayi, mwafunsa nthawi yabwino, ndalama zikadali m'manja mwanu. Palibe chimene chawonongeka. Muuzeni mnyamatayo aimitse kaye ntchito kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo musachite naye manyazi, chifukwa malebulo akadzakanidwa wolira mudzakhala inu, iye atalandira kale zake. Ngati eni sitolo akukufulumizani, apatseni mabotolo ochepa okhala ndi kapepala wamba kolembedwa kuti chiponde, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi tsiku lothera, dzina lanu ndi nambala ya foni. Zimenezo zikusungirani malo pa shelefu pamene mukufufuza.

Ndiyambe ndi Chisomo. Ndikumvetsa chifukwa chake mtima wanu uli pamenepo, ndipo sindikuuzani kuti mulitaye. Koma tsiku lina mukakwera minibasi kuchoka pa Kamwendo kupita pa Boma, muziwerenga zikwangwani za m'mbali mwa msewu. Mupeza Chisomo pa golosale, pa saluni, pa chigayo, pa shopu ya mbewu ndi feteleza. Chimodzimodzi Tiyamike, Madalitso, Mwayi ndi Takondwa. Ndi mayina okoma, n'chifukwa chake aliyense adawatenga. Vuto lake limabwera pawiri. Loyamba, kasitomala amene wakonda chiponde chanu akatuma mwana kuti kagule cha Chisomo, mwanayo akhoza kubwera ndi botolo la munthu wina, ndipo likakhala lowawa kapena lamchenga mbiri yoipayo igwera inu. Lachiwiri, ku ofesi ya kalembera wa mabizinesi dzina lotere kawirikawiri limapezeka kuti lidatengedwa kale. Anthu amayesa kulipulumutsa powonjezera Investments, Enterprise kapena General Dealers kumapeto. Mwina ku ofesi zingadutse, koma pamsika palibe amene amatchula mawu owonjezerawo. Wogula amangoti Chisomo basi.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti bizinesi ngati yanu ikhoza kukhala ndi mayina awiri, ndipo lililonse lili ndi ntchito yake. Pali dzina la bizinesi, limene limalembedwa pa satifiketi, ku banki, ku MRA ndi pa malisiti. Palinso dzina la katundu, limene limakhala ndi zilembo zazikulu kutsogolo kwa botolo, limene wogula amaitanitsa. Chisomo akhoza kukhala m'dzina la bizinesi, mutaliphatikiza ndi liwu lina losapezekapezeka, monga dzina la agogo anu kapena la dambo la kumudzi kwanu, n'kumaoneka kuseri kwa botolo pa mzere woti "Chopangidwa ndi". Mwana wanu adzaliwerenga pamenepo akadzakula. Kutsogolo kwa botolo kukufunika dzina lina limene lingaime palokha.

Alamu anu nawonso sadalakwe kwenikweni. Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, ndipo munthu wa ku Lilongwe akaona kuti chiponde chachokera kuno amachikhulupirira. Koma Chiponde cha Mchinji si dzina, ndi kufotokoza chabe chimene chili m'botolo ndi kumene chachokera. Mayi wina wa ku Mkanda, wa ku Kapiri kapena wa pa Waliranji amene akugaya chiponde ali ndi ufulu wonse kulemba mawu omwewo pa botolo lake, chifukwa akunena zoona. Lamulo silipatsa munthu mmodzi umwini wa mawu amene anzake onse a ntchito yomweyo akuwafuna kuti afotokozere katundu wawo. Choncho mukhoza kuvutika zaka zisanu kutchukitsa dzinalo, wina n'kudzalilemba pa botolo lake, inu wopanda pomugwira. Chimodzimodzi mayina a mitundu ya mtedza, monga Chalimbana ndi CG7. Ndi a aliyense, komanso mukatcha chiponde chanu Chalimbana, tsiku limene mtedza umenewo udzasowe n'kugaya CG7, lebulo lanu lidzakhala likunama. Ganiziraninso za mawa. Mukadzayamba kuyenga mafuta ophikira kapena kugaya ufa wa soya, dzina lokhala ndi liwu loti chiponde lidzakupanikizani. Mawu a alamu anuwo aikeni pansi pa dzina, ndi zilembo zocheperako. Pamenepo agwira ntchito yake bwinobwino.

Dzina limene limatetezeka mosavuta ndi liwu lodziwika, lalifupi, limene silifotokoza katunduyo. Mbalame, mtengo, nyenyezi, chida cha pakhomo. Kuti tiyende limodzi bwino, nditenge chitsanzo choti Nkhwali. Musalitenge ngati ndakusankhirani. Nalonso liyenera kudutsa m'kafukufuku yemweyo. Ndalisankha chifukwa aliyense wolima mtedza amaidziwa nkhwali, amaiona ikufukula m'munda, choncho dzinalo limamatirira m'mutu, koma palibe amene anganene kuti nkhwali ndi mtundu wa chiponde. Wopikisana nanu alibe chifukwa chilichonse cholembera Nkhwali pa botolo lake, kupatula kufuna kukuberani makasitomala, ndipo zimenezo ndi zimene lamulo limaletsa.

Lembani mayina atatu otere, osati limodzi. Munthu akapita kukafufuza ali ndi dzina limodzi lokha, amayamba kudzinyengerera akapeza lina lofanana nalo, n'kumati aa, kusiyana kulipo ndithu. Akakhala ndi atatu, amataya lokayikitsalo mosadandaula. Dzina lililonse liyeseni motere: imbirani foni anthu angapo amene sakudziwa za nkhaniyi, mulitchule kamodzi, muwapemphe alilembe pa meseji n'kukutumizirani. Ngati aliyense walemba zakezake, dziwani kuti pofufuza pa Facebook kapena potumiza ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba azidzasokonezanso. Mameseji amenewo musafufute, muwafuna posachedwa. Ndipo poti muli kufupi ndi malire, funsaniko wolankhula Chinsenga ndi wolankhula Chitumbuka ngati liwulo lilibe tanthauzo lochititsa manyazi kwawo, chifukwa mabotolo anu adzafika ku Chipata ndi ku Kasungu inu musanafikeko.

Pali mawu ena oti mungowapewa kuyambira pachiyambi. Lamulo loteteza mbendera, zizindikiro ndi mayina a dziko silikulolani kugwiritsa ntchito mawu monga Malawi, National, Republic kapena President m'dzina la malonda popanda chilolezo cha boma. Liwu loti Limited ndi la okhawo amene alembetsa kampani, osati bizinesi ya munthu mmodzi ngati yanu. Kopuletivi nayonso ili ndi kalembera wakewake ku unduna wa zamalonda, ndiye simungadzitche choncho musanalembetse kumeneko.

Tsopano kafukufuku. Amayambira pamsika, ndi miyendo yanu. Yendani m'masitolo a pa Kamwendo ndi a pa Boma, ndipo tsiku limene mudzapite ku Lilongwe mulowe m'masitolo akuluakulu awiri kapena atatu. Musangoyang'ana shelefu ya chiponde yokha. Onaninso ya mafuta ophikira, majalini, jamu, uchi, ufa wa phala ndi mtedza wokazinga wa m'mapaketi, chifukwa wogula akaona dzina limodzi pa chiponde ndi pa mafuta amaganiza kuti wopanga ndi mmodzi. Funsani ogulitsa m'mahoseli ndi mavenda amene amayenda misika ya sabata, chifukwa iwowo amadziwa mayina a katundu amene safika m'masitolo akuluakulu. Funso lake likhale losavuta: "Mudamvapo chakudya chilichonse chotchedwa Nkhwali?" Musafotokoze zambiri za cholinga chanu kwa aliyense. Dzina labwino limene simudalembetse likhoza kutengedwa ndi amene mwamuuza.

Kenako foni. Lembani dzinalo pa Google, pa Facebook ndi pa TikTok, lokha, kenako ndi mawu monga Malawi, Mchinji, Lilongwe, chiponde, komanso dzina la Chingerezi la katunduyo chifukwa ambiri amatsatsa m'Chingerezi. Apa ndi pamene mameseji aja akuthandizeni. Mayina athu amalembedwa mosiyanasiyana, ndipo kompyuta imangokupatsani chimene mwalemba. Pa chitsanzo chathu muyenera kufufuza Nkhwali, Nkhwari, Nkwali, Khwali ndi Kwali. Zilembo l ndi r zimasinthana, h amagwa makamaka kwa anzathu a ku Zambia, n woyamba ena amamusiya. Ofesi ndi khoti sizingoyang'ana ngati zilembo zikufanana ndendende. Zimafunsa ngati wogula wamba, amene ali pachangu ndipo akungokumbukira dzina mwapatalipatali, angasokonezeke pomva kapena poona mayina awiriwo. Ndiye kusintha chilembo chimodzi pa dzina la mwini wake sikukupulumutsani.

Koma msika ndi foni sizikuuzani zonse. Yankho lenileni lili ku ofesi ya kalembera ija, imene anthu amaidziwa kuti Registrar General, ndipo ili ndi maofesi ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kwa inu ya ku Lilongwe ndi ulendo wopita ndi kubwera tsiku lomwelo. Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza amalonda ang'onoang'ono, ndi pamenepa pamene ndaona anthu ambiri akutaya ndalama akuganiza kuti achita zonse bwino.

Ku ofesi imeneyi kuli makaundula awiri osiyana. Woyamba ndi wa mayina a mabizinesi ndi makampani. Bizinesi ya munthu mmodzi imalembetsedwa pansi pa lamulo la kalembera wa mabizinesi la 2012, ndipo masiku ano ntchito yambiri imachitika pa intaneti kudzera pa njira yotchedwa MBRS. Mumapereka dzina limene mukufuna pamodzi ndi chiphaso chanu cha unzika, adiresi ya bizinesi ndi mtundu wa malonda, ofesi n'kuona ngati palibe bizinesi ina yolembetsa ndi dzina lomwelo kapena lofanana nalo kwambiri. Likadutsa mumalipira n'kulandira satifiketi. Satifiketi imeneyi ndi imene mupite nayo ku MRA kukatenga TPIN, nambala yanu ya msonkho, ku banki kukatsegula akaunti ya bizinesi, ndi ku khonsolo ya Mchinji kukatenga layisensi. Ndi yofunika kwambiri, ndipo muziyang'ana tsiku lake lothera kuti muziikonzanso nthawi yake.

Kaundula wachiwiri ndi wa matiredimaki, pansi pa lamulo la 2018. Tiredimaki ndi dzina kapena chizindikiro chimene chimasiyanitsa katundu wanu ndi wa ena pamsika, ndipo ndi kulembetsa kumeneku kumene kumakupatsani mphamvu zoletsa wina kuika dzina lanu pa botolo lake. Satifiketi ya bizinesi imangonena kuti boma likukudziwani ndi dzina lakuti. Siikupatsani umwini wa dzinalo pa katundu, komanso siitsimikiza kuti simukuponda tiredimaki ya munthu wina. Kudutsa m'kaundula woyamba sikutanthauza kuti mwadutsa mu wachiwiri.

Ndidathandizapo gulu lina la amayi opanga ufa wa phala amene adabwera kwa ine mochedwa. Adalembetsa bizinesi yawo bwinobwino, satifiketi adaiika mufelemu pakhoma, adasindikiza mapaketi apulasitiki ochuluka ndi ngongole ya banki m'khonde, katundu adayamba kuyenda mpaka ku Lilongwe. Patapita miyezi ingapo adalandira kalata yochokera kwa loya wa kampani ina imene idalembetsa kale tiredimaki yofanana ndi dzina lawolo pa zakudya za ufa. Wapampando wawo adatsitsa felemu ija n'kundionetsa, akuti onani, boma lidatilola. Zidandipweteka kuwauza kuti pepalalo siliwateteza pa nkhani imeneyi. Mapaketi otsala adakhala m'makatoni, adayambanso ndi dzina latsopano, makasitomala ena adaganiza kuti gululo lidatha, ndipo ngongole adaibweza ndi ndalama za m'munda. Kafukufuku amene akadawapulumutsa akadawadyera ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi mapaketi aja.

Choncho mukafika ku ofesi, nenani momveka kuti mukufuna zinthu ziwiri: kufufuza dzina la bizinesi, ndi kufufuza m'kaundula wa matiredimaki. Pa chachiwirichi akufunsani kalasi. Katundu ndi ntchito zonse zidagawidwa m'makalasi 45 amene mayiko ambiri amatsata, 34 a katundu ndi 11 a ntchito. Chiponde, mtedza wokazinga ndi mafuta ophikira zili m'kalasi 29. Ufa wamitundumitundu, uchi ndi buledi zili m'kalasi 30, ndiye nsinjiro zanu ziyenera kufufuzidwanso kumeneko. Mtedza wauwisi, mbewu ndi zakudya za ziweto zili m'kalasi 31. Pemphani kuti afufuze mayina anu atatu m'kalasi 29 ndi 30, ndipo muwapatse kalembedwe konse kaja kamene mudatolera. Funsani mtengo kwa ogwira ntchito enieni a m'katimo, lipirani mwa njira imene akuuzani, ndipo sungani lisiti ndi pepala la zotsatira. Madobadoba amene angakuimitseni panja ndi malonjezo oti zituluka lero lomwe, apeweni. Mukalipira munthu wapanjira simudziwa ngati wafufuzadi, ndipo ena amalembetsa bizinesi yanu ndi nambala ya foni ndi imelo yawo, inu n'kudzavutika pofuna kusintha chilichonse. Ngati wina akukuthandizani pa kompyuta pa Boma, khalani pambali pake ndipo onetsetsani kuti nambala ndi imelo zolembedwazo ndi zanu.

Nanga zotsatira zikabwera muziwerenga bwanji? Tiyerekeze kuti mwapeza kuti kuli malo ogona alendo kunyanja otchedwa Nkhwali. Amenewo ali m'ntchito ina, kalasi ina, ndipo palibe amene angaganize kuti malo ogona akugaya chiponde. Nthawi zambiri zimenezo sizikuletsani kuika dzinalo pa botolo, ngakhale kuti pa dzina la bizinesi mungafunike kulisiyanitsa. Koma mukapeza kuti wina adalembetsa Nkwali pa mafuta ophikira m'kalasi 29, lisiyeni pomwepo, pitani pa dzina lachiwiri, ngakhale katundu wakeyo simudamuonepo m'sitolo.

Chovuta kuchilandira ndi ichi: ku ofesi dzina mulibe, koma mwamva kuti mayi wina ku Kapiri wakhala akugulitsa chiponde chotchedwa Nkhwali kwa zaka zingapo osalembetsa. Ena angakuuzeni kuti thamangani mukalembetse, likhala lanu. Ine ndikuti ayi. Amene wakhala akugwiritsa ntchito dzina mpaka anthu kumudziwa nalo akhoza kutsutsa kulembetsa kwanu, kapena kukadandaula kukhoti kuti mukugulitsa katundu wanu ngati wake. Komanso Kapiri ndi pafupi, makasitomala anu ndi amodzi, ndipo mudzakumana pamsika ndi pamaliro. Dzina lotengera mnzanu silikupatsani mtendere. Ndipo mayina a katundu wotchuka amene aliyense amawadziwa, musawayandikire n'komwe, kaya ndi dzina, kaya ndi mtundu wa lebulo ndi kaimidwe ka zilembo. Eni ake ali ndi maloya, ndipo mayina otchuka amatetezedwa mokulirapo kuposa ena.

Dzina likapezeka loyera, lembetsani bizinesi kaye, kenako mupereke fomu ya tiredimaki mwamsanga mmene thumba lingalolere, chifukwa tsiku limene mwapereka fomu ndi limene limakuikani patsogolo pa wina wobwera pambuyo. Ofesi imaunika pempholo, imalilengeza kuti wotsutsa atsutse, ndipo ngati palibe chovuta imapereka satifiketi. Zimatenga miyezi, musadabwe. Tiredimaki imakhala zaka 10 ndipo mukhoza kuikonzanso. Kalasi iliyonse ili ndi malipiro ake, choncho ngati ndalama zikuchepa yambani ndi 29, kumene kuli chiponde. Pa lebulo musaike kachizindikiro ka ® satifiketi isanatuluke. Ka ™ ndi kamene anthu amaika podikira. Dziwaninso kuti chitetezochi chimathera pa malire a Mwami. Ku Zambia mayina ndi matiredimaki amalembetsedwa ku PACRA, ndiye ngati mukuona kuti msika wa ku Chipata udzakhala waukulu kwa inu, pemphani wina akufufuzireni kumenekonso musanamange mtima pa dzina limodzi.

Tibwere ku logo. Chithunzi cha mtedza cha pa intaneti chichotsedwe, pa zifukwa ziwiri. Chili ndi mwini wake amene adachijambula, ndipo kupezeka pa Google sikutanthauza kuti ndi chaulere. Komanso chithunzi chimene mnyamata wanu wachipeza mosavuta, anzake a ku Lilongwe ndi ku Kasungu adachipezanso, ndipo chili kale pa mabotolo a ena. Simungalembetse ngati chanu chinthu chimene si chanu. Mtedza ukhoza kuoneka pa lebulo ngati chokongoletsa, koma mujambule wanu ndi foni, pa lichero lanu. Logo yeniyeni ikhale yojambulidwira inuyo.

Logo ya bizinesi yaing'ono sifunika zambiri: dzina lolembedwa ndi zilembo zonenepa, zowerengeka, ndi kachithunzi kamodzi kosavuta. Pa chitsanzo chathu, nkhwali yoima chammbali, yodetsedwa ndi mtundu umodzi ngati mthunzi, popanda nthenga zojambulidwa imodziimodzi. Mitundu isapose iwiri. Opanga malebulo achinyamata amakonda kuika mithunzi, kuwala, golide ndi zilembo zopotanapotana, ndipo pa kompyuta zimaoneka zokongoladi. Koma logo yanu idzakhala pa sitampa ya labala, pa lisiti, pa kabwalo kakang'ono ka chithunzi cha WhatsApp, pa thumba la makilogalamu 50, ndi pakhoma pamene wolemba zikwangwani adzaijambule ndi bulashi. Muuzeni mnyamatayo aisindikize yakuda ndi yoyera yokha, yaing'ono ngati kobiri, kenako mukaipange fotokope. Ikasanduka chibanthu chakuda, yachuluka zinthu. Aisindikizenso mu saizi yeniyeni, muimate pa botolo lodzaza chiponde, muliike pa shelefu pakati pa mabotolo a ena, mubwerere m'mbuyo mapazi asanu. Dzina likuwerengeka? Kumbukirani kuti chiponde n'chofiirira, ndiye lebulo lofiirira kapena lachikasu chakuda limamira m'botolo. Pakaninso kadontho ka mafuta pa lebulolo n'kulisiya usiku umodzi. Pepala wamba limamwa mafuta, inki n'kufalikira, ndipo botolo limaoneka lakale lisanagulidwe.

Pa logo musaikepo mbendera ya dziko, chizindikiro cha boma, mtanda wofiira, kapena chizindikiro cha chipani. Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards nachonso musalole kuti mnyamatayo angochikopera n'kuchimata, ngakhale atanena kuti onse amatero. Chimaikidwa pokhapokha bungwelo litayendera malo anu, kuyeza katundu wanu n'kukulolani, ndipo pa chiponde amayang'ana kwambiri chuku cha mu mtedza. Masitolo akuluakulu adzakufunsani zimenezi, choncho ndi bwino kuwaonetsa a bungwelo chitsanzo cha lebulo musanasindikize ambiri, kuti akuuzeni ngati zofunika zonse zilipo: zosakaniza, kulemera, adiresi, nambala ya mgayo ndi masiku. Siyani malo ake pa lebulo kuyambira pano.

Logo ikatha, ijambuleni n'kuifufuza pa Google ndi chithunzi, kuti muone ngati mnyamatayo sadaitenge penapake. Kenako mulembe naye kapangano, ngakhale ka pepala limodzi: kuti logo waijambula yekha, kuti mwamulipira ndalama zakuti, ndipo umwini wake wonse waupereka kwa inu. Asaine, inu musaine, mboni isaine, tsiku lilembedwe. Popanda pepala limeneli akhoza kudzanena kuti chojambulacho ndi chake ndipo inu adangokubwerekani. Mutengenso mafayilo ake, osati chithunzi cha pa WhatsApp chokha chimene chimafika chitachepetsedwa. Pemphani `PNG` yopanda mtundu kumbuyo, ndi `PDF` kapena `SVG` imene imakulitsidwa osaphwanyika, yamitundu ndi yakuda. Zisungeni pa fulashi ndi pa imelo yanu. Ndaona anthu akujambulitsanso logo chifukwa laputopu ya wojambula idabedwa kapena mwini wake adapita ku Joni.

Zambiri mwa zimenezi mukhoza kuchita nokha. Loya wodziwa za matiredimaki mumufune zikafika apa: kafukufuku wapeza dzina lofanana pang'ono ndi lanu m'kalasi 29 kapena 30 ndipo simukufuna kulisiya, mwapeza kuti dzina lidalembetsedwa kale koma mwini wake akuoneka kuti adasiya malonda, wina watsutsa pempho lanu litalengezedwa, kapena mwalandira kalata yokuuzani kuti musiye dzina. Kalata yotere musaiyankhe mokwiya pa foni, komanso musaibise pansi pa matiresi, chifukwa imakhala ndi masiku oti muyankhe. Ngati alamu anu kapena wina aliyense akuikapo ndalama mu bizinesiyi, gwirizanani musanapite ku ofesi kuti dzina lilembetsedwa mwa yani, ndipo zilembedwe.

Za malebulo 2,000 aja: ngakhale dzina litadutsa, ulendo woyamba sindikizani 200 kapena 300 okha. Mtengo wa lebulo limodzi ukwererapo, koma pafupifupi nthawi zonse pamapezeka chokonza mabotolo akafika m'manja mwa ogula, kaya nambala ya foni yolakwika, kaya zilembo zazing'ono kwambiri, kaya mzere umene a Bureau afuna uwonjezedwe. Lisiti la malebulo oyambawo, chithunzi cha mabotolo ali pa shelefu pa Boma, ndi invoisi yoyamba ya eni sitolo, ziikeni mu envulopu imodzi ndi mapepala a ku ofesi. Wina akadzati adayamba ndi iye kugwiritsa ntchito dzinalo, masiku olembedwa pa mapepala amenewo ndi amene adzakuyankhireni.